Mkhalapakati: momwe amapemphedwera makalata akaleka kugwira ntchito

Mkhalapakati ndi munthu wopanda mbali amene anthu awiri okangana, kapena magulu awiri, agwirizana kuti awathandize kukambirana. Iye saweruza mlandu, salamula chindapusa, ndipo sangakakamize wina aliyense kusayina pepala. Mphamvu zake zonse zimachokera m'chilolezo cha mbali ziwirizo, kotero kuti tsiku lomwe mbali imodzi yabweza chilolezocho, ntchito yake yathera pomwepo. Apa ndi pomwe amasiyana ndi woweruza wa kubwalo la milandu, amene chigamulo chake chimagwira ntchito ngakhale wina atuluke m'bwalomo akung'ung'udza.

Amasiyananso ndi ankhoswe, ngakhale anthu ambiri amawaika m'gulu limodzi. Nkhoswe imakhala ndi mbali yake, chifukwa imaimira mtundu wa mwamuna kapena wa mkazi, ndipo ukwati umakonzeka chifukwa chakuti mbali iliyonse ili ndi woiyankhulira. Nalo thenga, lomwe limayenda pakati pa mabanja awiri pa nkhani za ukwati m'madera a Atumbuka monga ku Rumphi, limakhala lotumidwa ndi banja limodzi. Mkhalapakati satumidwa ndi mbali imodzi. Amaitanidwa ndi onse awiri, ndipo pachifukwa chimenechi kumupempha kwake n'kovuta: munthu amene waleka kukuyankha makalata ndi yemweyo amene ayenera kuvomera kuti mufune wokuyanjanitsani.

Chitsanzo chomwe chidachitika poyera, chomwe aliyense angathe kuchilondola kuyambira pa kalata yoyamba mpaka pomwe zinthu zidaimira, chikukhudza madzi omwe asodzi a ku Chiweta, Mlowe ndi Tcharo, m'mbali mwa nyanja m'boma la Rumphi, amaponyamo makoka awo. Madzi amenewa ali m'chigawo cha kumpoto cha nyanja ya Malawi, chomwe dziko lino ndi dziko la Tanzania akhala akukanganirana kwa zaka zoposa 50.

Gwero la mkangano

Pa 1 Julayi 1890, Britain ndi Germany adasayina pangano lomwe limatchedwa la Heligoland. Pofotokoza malire a dera lomwe lidali m'manja mwa Germany, panganolo lidati mzere udzatsata gombe la nyanja chakum'mawa ndi kumpoto mpaka kukafika pomwe mtsinje wa Songwe umathira m'nyanja. Malawi imaima pa mawu amenewa: ngati malire ali pagombe la tsidya lija, ndiye kuti madzi onse a kumpoto ndi a Malawi. Imaonjezeranso chigwirizano cha atsogoleri a mu Africa cha ku Cairo mu 1964, chakuti maiko azilemekeza malire omwe adawapeza polandira ufulu wodzilamulira.

Tanzania imati ayi. Mfundo yake ndi yakuti maiko akagawana nyanja, mwambo wa malamulo a pakati pa maiko umaika malire pakati pa madzi, ndipo anthu a m'mbali mwa nyanja tsidya lija sangamanidwe madzi omwe makolo awo akhala akumwa ndi kuwedzamo. Imalozanso kummwera, komwe malire a Malawi ndi Mozambique amadutsa pakati pa nyanja. Koma a Malawi amayankha kuti kumeneko zidatero chifukwa Britain ndi Portugal adachita pangano lina mu 1954, ndipo kumpoto pangano lotero kulibe.

Mu Januwale 1967, boma la Tanzania lidalembera boma la Malawi kalata yolidziwitsa kuti likuona malirewo kukhala pakati pa nyanja. Dr Hastings Kamuzu Banda adakana zimenezi poyera, ndipo pofika 1968 atsogoleri a maiko awiriwa ankayankhana kudzera m'misonkhano ya anthu awo, aliyense kwawo. Kenaka nkhaniyo idagona kwa zaka zambiri osathetsedwa.

Idadzukanso boma la Malawi litapereka chilolezo mu 2011 ku kampani ya ku Britain ya Surestream Petroleum kuti ifufuze mafuta pansi pa nyanja. Mu 2012 Tanzania idapempha kuti kufufuzako kuime kaye mpaka nkhani ya malire ithe. Mayi Joyce Banda ndi a Jakaya Kikwete, omwe adali atsogoleri a maiko awiriwa, adakumana ku Maputo mu Ogasiti chaka chomwecho, ndipo mwezi womwewo nthumwi za maboma awo zidakambirana ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Sizidamvane. Mu Okutobala Malawi idalengeza kuti yatuluka m'zokambiranazo, podandaula kuti Tanzania yatulutsa mapu atsopano oika malire pakati pa nyanja komanso kuti asodzi a ku Malawi akuvutitsidwa pamadzi.

Zizindikiro zakuti kulemberana kwatha mphamvu

M'mbiri imeneyi muli zizindikiro zomwe zimaonekanso pa mikangano ing'onoing'ono, monga ya mwini nyumba ndi wochita lendi, kapena ya kalabu ya alimi ndi munthu amene adawagula mbewu pangongole.

Choyamba n'chakuti makalata amayamba kubwereza zomwezomwezo. Kalata yachitatu ikamanena zomwe yoyamba idanena, kungoti mwaukali pang'ono, ndiye kuti yachinayi sidzasintha kanthu. Malawi inkati pangano la 1890, Tanzania inkati pakati pa madzi, ndipo palibe chiganizo chatsopano chomwe mbali imodzi ikadalemba chomwe inzake inali isadachimvepo.

Chachiwiri, chomwe n'choopsa kwambiri, n'chakuti kalata imaleka kulembedwera munthu amene dzina lake lili pa envulopu. Imayamba kulembedwera woweruza wa mtsogolo, kapena anthu a kumudzi, kapena ovota. Zikafika apa, wolemba sangavomereze ngakhale kanthu kakang'ono komwe mnzake akunena zoona, chifukwa akuopa kuti mawuwo adzawerengedwa kukhoti ngati kugonja. Kalata yotere imasanduka umboni wosungira mtsogolo. Ndi chifukwa chake anthu awiri amene atakumana pamaliro angathe kugwirana chanza ndi kucheza bwinobwino, amalemberana mawu ouma ngati sadziwana.

Chachitatu ndi pamene yankho labwera kudzera njira ina: m'malo mwa kalata, mukumva yankho pawailesi, pamsonkhano wa mudzi, kapena mukuona mnzanuyo akuchita chinthu chomwe chikusonyeza kuti wadzigamulira yekha. Mapu atsopano aja adali yankho la mtundu umenewu. Pa mkangano wa munda, ndi tsiku lomwe mupeza mnzanu wabzala mitengo pamalire omwe mukukanganirana.

Kukhala chete kokha si chizindikiro chokwanira. M'madera ngati Hewe kapena kumapiri a Phoka, kalata ikhoza kuchedwa panjira, kapena kufikira m'manja mwa munthu wopanda mphamvu yoyankha. Munthu asadathamangire kufuna mkhalapakati, ndi bwino atsimikize kuti kalata idafika, ndipo idafika kwa woyenera.

Kalata yopempha mkhalapakati ili ndi ntchito ina

Mu Novembala 2012, nthumwi za maiko awiriwa zidakumananso ku Dar es Salaam. Pa malire penipenipo sizidagwirizane, koma zidagwirizana pa chinthu china: kuti nkhaniyi ipite kwa bungwe la atsogoleri opuma a maiko a mu Africa, lomwe wapampando wake adali a Joaquim Chissano, mtsogoleri wakale wa Mozambique. Mwezi wotsatira, nduna zoona za ubale ndi maiko ena, a Ephraim Chiume a ku Malawi ndi a Bernard Membe a ku Tanzania, adapita limodzi ku Maputo kukapereka pempholo. A Chissano adagwira ntchitoyi pamodzi ndi a Thabo Mbeki a ku South Africa ndi a Festus Mogae a ku Botswana.

Pali chinthu chimodzi chomwe mbali ziwirizi zidachita bwino, ndipo n'choyenera kuchiona mofatsa. Zidalekanitsa funso lakuti wolondola ndani ndi funso lakuti tikambirane motani. Anthu amene sangamvane pa funso loyamba angathe kumvana pa lachiwiri, chifukwa kuvomera njira yokambirana sikulanda munthu chilichonse. Ndipo pempho lidapita kwa mkhalapakati kuchokera kwa onse awiri nthawi imodzi, moti palibe amene akadanena kuti a Chissano ndi munthu wa uje.

Kalata yopempha mkhalapakati iyenera kutsata nzeru yomweyi. Cholakwika chomwe ambiri amachita n'kudzaza masamba awiri ndi madandaulo akale, kenaka kumapeto n'kulemba kuti tiyeni tipeze wotiyanjanitsa. Wolandira amawerenga madandaulowo, mtima n'kukwera, ndipo amayankha madandaulowo basi. Pempho lija limamira. Kalatayi iyenera kukhala yaifupi, yosatchula amene adalakwa, ndipo inene poyera kuti kuvomera kukambirana sikutanthauza kuti wina wasiya mfundo zake kapena ufulu wake wopita kukhoti.

Mwachitsanzo, kalabu ya alimi a fodya ya ku Bolero ikhoza kukhala kuti idagwirizana ndi mwini galimoto kuti anyamule mabelo 40 kupita nawo kumsika wa fodya ku Mzuzu. Mabelo 6 adanyowa panjira. Alimi akukana kulipira ndalama yonse ya mtengatenga, mwini galimoto akuti mabelowo adawalandira ali onyowa kale, ndipo makalata atatu apita osaphula kanthu. Kalata ya mlembi wa kalabu, kaya ailemba m'Chitumbuka kaya m'Chichewa, ingayende motere:

"Bambo, talemberana makalata atatu pa nkhani ya mabelo 6 ndi ndalama ya mtengatenga, koma sitidafike pomvana. M'kalata ino sitikubwereza mfundo zathu, ndipo sitikukupemphani kuti musiye zanu. Tikupempha kuti inu ndi ife tisankhe munthu mmodzi wopanda mbali kuti atithandize kukambirana. Pansipa talemba maina atatu. Ngati palibe amene mukumufuna, tumizani anu atatu, ife tisankhepo. Munthuyo sadzagamula. Zomwe tidzakambirane pamaso pake sizidzatuluka kunja, ndipo ngati pali zolipira tidzagawana pakati. Tikupempha yankho lanu pasadathe masiku 14, ndipo tikadakonda kuti zokambirana zithe pasadathe mwezi umodzi. Zikakanika, aliyense adzakhala ndi ufulu wotengera nkhaniyi kubwalo la milandu."

M'kalatamu mulibe mawu akuti adanyowetsa fodya ndani. Maina ndi atatu, osati limodzi, chifukwa dzina limodzi lochokera kwa mdani limakanidwa lisadawerengedwe n'komwe. Ndipo mwini galimoto wapatsidwa mwayi wobwera ndi maina ake, zomwe zikumuchotsera mantha akuti akulowa mumsampha.

Kupanda mbali sikuthera pa munthu mmodzi

Pooneka ndi maso, kusankha a Chissano, a Mbeki ndi a Mogae kudali kopanda banga. Onse atatu adali atsogoleri opuma, olemekezeka, ndipo palibe amene adali nzika ya Malawi kapena Tanzania. Maiko awiriwa adapereka zikalata za mfundo zawo kumayambiriro kwa 2013. Koma mu Epulo chaka chomwecho Mayi Banda adalengeza kuti Malawi yataya chikhulupiriro mwa akhalapakatiwo ndipo ikuganiza zopita kubwalo la milandu la dziko lonse ku The Hague. Chifukwa chake chidali chakuti mlembi wamkulu wa bungwelo, a John Tesha, adali nzika ya Tanzania, ndipo Malawi inkawaganizira kuti adaululira dziko lawo zomwe zidali m'zikalata za Malawi. Pambuyo pake Malawi idabwerera ku zokambirana, koma nthawi idali itatayika ndipo kukayikirana kudali kutalowa kale.

Apa funso lofunika si lakuti zomwe ankaganiziridwazo zidali zoona kapena ayi. Chofunika n'chakuti kwawo kwa mlembiyo sikudali chinsinsi, ndipo kukadatha kukambidwa tsiku loyamba. Mbali ziwirizi zidayang'ana amene adzakhale pampando, osayang'ana amene adzalandire zikalata, kuzisunga ndi kukonza misonkhano. Mkhalapakati sagwira ntchito yekha. Pali womulembera, womutanthauzira, womupatsa galimoto, mwini nyumba yomwe mudzakumanemo. Aliyense mwa amenewa angathe kugwetsa ntchito yonse ngati mbali imodzi idzamuzindikire mochedwa.

Kumudzi vutoli limakula, chifukwa anthu ndi apachibale. Khoswe akakhala pamkhate sapheka: nyakwawa yomwe mukufuna kuti ikhale pakati mwina ndi mlamu wa mnzanuyo, m'busa mwina ndi wa mpingo womwe mbali imodzi imapemphera, mlangizi wa zaulimi mwina amakwera galimoto ya munthu yemwe mukukangana nayeyo. Kufuna munthu amene sadziwana ndi aliyense m'dera ngati Nkhamanga n'kutaya nthawi. Chomwe chimatheka n'kuti wosankhidwayo anene yekha, zokambirana zisadayambe, ubale uliwonse omwe ali nawo ndi mbali ziwirizo, ndipo onse avomere akudziwa. Ubale woululidwa poyamba kawirikawiri anthu amaulola. Womwe watulukira pakati pa zokambirana ndiwo umaphwanya zonse.

Nthawi zina mkangano umakhudza munthu yemwe anthu onse amathawirako akasowa wowayanjanitsa. Boma la Rumphi lidaziona zimenezi Themba la Mathemba Chikulamayembe, a Walter Gondwe, atamwalira kumapeto kwa 2018. Mabanja a chifumu adasiyana maganizo pa za wolowa m'malo: a Mtima Gondwe adavekedwa ufumu mu 2019, nkhani idapita kubwalo lalikulu la milandu ku Mzuzu lomwe lidathetsa kuvekedwako, ndipo pambuyo pake a Joseph Bongololo Gondwe ndiwo adavekedwa. Pa mkangano wotere, mafumu ang'onoang'ono ali pansi pa mpando womwe ukukanganiridwawo, ndipo boma nalo lili ndi gawo chifukwa lamulo limapatsa mtsogoleri wa dziko mphamvu yovomereza mfumu. Wopanda mbali amayenera kufunidwa kunja kwa dera, ndipo akamachokera kutali amakhalanso wosadziwa bwino mwambo womwe ukukambidwa. Kusankha mkhalapakati nthawi zonse kumakhala kuyeza zinthu ziwirizi: kutalikirana ndi mkangano, ndi kuudziwa.

Funso lomwe mkhalapakati wapatsidwa

Mu Malichi 2014 mbali ziwirizi zidakumana ku Maputo pamaso pa akhalapakati aja, ndipo zidabalalika osamvana. Chomwe chidaonekera pamenepo n'chakuti sizinkayembekeza chinthu chimodzi. Akhalapakati ankafuna kuti ayambe akambirana za momwe maiko awiriwa angagwiritsire ntchito chuma cha m'nyanja mothandizana, poganiza kuti nkhani ya malire idzafewa pambuyo pake. Malawi inkafuna kuti funso la malire liyankhidwe kaye, chifukwa munthu sagawana ndi mnzake chinthu asadadziwe kuti mwini wake ndani.

Njira ya akhalapakatiwo si yachilendo. Umu ndi momwe ntchitoyi imayendera pafupifupi kulikonse: mkhalapakati amachotsa anthu pa zomwe akuumirira n'kuwatengera pa zomwe akusowa. Pa nkhani ya fodya ija, angapeze kuti alimi sakufuna kwenikweni kuti mwini galimoto avomere kulakwa, koma akufuna ndalama yogulira feteleza isadafike mvula, pomwe mwini galimoto akuopa kutaya makasitomala a chaka chamawa. Apa pali pokumanirana: achotsereko mtengo wa ulendo uno, iwo amulonjeze ulendo wa chaka chamawa, ndipo kuyambira tsopano mabelo aziyenderedwa ndi kusayinidwa pokweza.

Koma njirayi ili ndi malire ake. Imagwira ntchito pomwe chinthu chingagawike, kapena pomwe wina angalandire china m'malo mwa chomwe wataya. Funso lakuti mzere wa malire uli pagombe kapena pakati pa madzi lili ndi mayankho awiri okha, ndipo mbali yomwe ikukhulupirira kuti pepala lili kumbali yake imaona kugawana kulikonse ngati kuluza. Kunena zoona, chomwe Malawi inkafuna kwa a Chissano chidali chigamulo, ndipo chigamulo ndicho chinthu chokhacho chomwe mkhalapakati sangapereke. Munthu amene akufuna kuuzidwa kuti walondola afune woweruza, kaya wa kukhoti kaya wosankhidwa ndi mbali ziwiri atapatsidwa mphamvu yogamula. Kupita kwa mkhalapakati ndi mtima umenewo n'kungotalikitsa ulendo.

Ndi chifukwa chake kalata yopempha, kapena pangano lalifupi lomwe limasayinidwa mkhalapakati akavomera, liyenera kutchula funso lomwe akupatsidwa, m'mawu omwe mbali zonse zavomereza. Ngati mbali ziwiri zikulephera kugwirizana ngakhale pa kalembedwe ka funsolo, chimenecho n'chizindikiro chakuti zokambirana zikathera panjira.

Nthawi, ndi chomwe chidzachitike zikakanika

Pomwe ankagwirizana mu 2012, chiyembekezo chidali chakuti ntchitoyi itha m'miyezi yochepa, ndipo ikakanika nkhani ipita kubwalo la ku The Hague. Miyezi ija idasanduka zaka. Mu Meyi 2014 kudachitika chisankho ku Malawi, ndipo mtsogoleri watsopano, a Peter Mutharika, adanenetsa kuti umwini wa nyanja si nkhani yokambirana. Ku Tanzania nako utsogoleri udasintha mu 2015. Mbali ziwirizi zidakumananso ndi akhalapakati ku South Africa mu 2017, koma malire sadagwirizanidwe, ndipo nkhaniyi sidafike kubwalo lija.

Chifukwa chimodzi n'chakuti bwalo la ku The Hague silizenga mlandu wa maiko awiri pokhapokha onse atavomera mphamvu zake. Malawi idavomera kale mphamvu zimenezi, koma Tanzania sidapereke chivomerezo chakuti dziko lina lingaitengere kumeneko popanda chilolezo chake. Choncho mawu akuti zikakanika tipita kukhoti adalibe mano. Mbali yomwe ikudziwa kuti palibe chomwe chingaichitikire zokambirana zikafa, ilibe chifukwa chofulumirira.

Apa munthu wamba ali pabwino kuposa boma. Bwalo la majisitireti kapena bwalo lalikulu silidikira kuti woimbidwa mlandu avomere, kotero chiganizo chomaliza cha kalata ya alimi a ku Bolero chili ndi mphamvu yeniyeni. Chiyenera kulembedwa modekha, ngati kungofotokoza zomwe zidzatsatire, osati ngati kuopseza, chifukwa munthu woopsezedwa amabwera ku zokambirana atakunga kale mtima.

Koma pali msampha wina. Akuluakulu amati mlandu suwola, koma m'malamulo olembedwa umawola. Lamulo limaika nthawi yomwe munthu ayenera kukasuma, ndipo pa nkhani za mapangano ndi ngongole nthawiyo ndi zaka 6. Pofuna kuti bwalo lalikulu liunikenso chiganizo cha ofesi ya boma, nthawi yake ndi yaifupi kwambiri, miyezi itatu yokha. Kukhala pa zokambirana pakokha sikuimitsa nthawi imeneyi. Pali anthu ena amene amavomera mkhalapakati ndi cholinga chongodya masiku: lero adwala, sabata yamawa kuli maliro, mwezi wamawa atumiza nthumwi yopanda mphamvu yosayina. Zikachitika kawiri kapena katatu, wopempha uja azindikire kuti mnzakeyo sakufuna kumvana, ndipo tsiku lomaliza lomwe lidalembedwa m'kalata ndilo limamupatsa njira yotulukira popanda kuoneka ngati ndiye waphwanya zokambirana.

Nkhani ya nthumwi yopanda mphamvu ndi yofunika kuitchula m'pangano. Ngati kalabu yatumiza mlembi yekha, amene pa mfundo iliyonse aziti ndikafunse kaye anzanga, zokambirana zabwerera ku makalata aja. Obwera akhale amene angathe kuvomera ndi kusayina tsiku lomwelo, ndipo zomwe agwirizana zilembedwe asadabalalike: ndalama zingati, alipira ndani, pofika liti.

Mbali ina ikakana

Palibe lamulo lokakamiza munthu kuvomera mkhalapakati nkhani isadafike kukhoti. Akakana, kapena akangokhala chete masiku aja n'kutha, wopempha sadataye kanthu. Ali ndi kalata yosonyeza kuti adayesa njira ya mtendere, ndipo ndi bwino kusunga kope yake pamodzi ndi umboni wakuti idaperekedwa.

Chodabwitsa n'chakuti wokanayo angathe kukakumananso ndi mkhalapakati kutsogolo. Malinga ndi malamulo a kayendetsedwe ka milandu yosakhudza upandu m'bwalo lalikulu, omwe adayamba kugwira ntchito mu 2017, milandu yambiri imayamba yadutsa pa kuyanjanitsa isadazengedwe, ndipo amene amakhala pakati ndi jaji. Zokambidwa pamenepo zimakhala zachinsinsi, ndipo zikakanika mlandu umapitirira kukazengedwa. Kusiyana kwake n'kwakuti pofika apo mbali zonse zimakhala zitalipira kale maloya ndi maulendo a ku Mzuzu, komwe kuli bwalo lalikulu lomwe limatumikira Rumphi ndi maboma ena a kumpoto.

Pa mikangano ya malo a makolo, lamulo la 2016 lidakonza mabwalo akeake, kuyambira kudera la mfumu yaikulu, kupita paboma, mpaka ku bungwe la dziko lonse. Amenewa amagamula, ndipo wosakhutira amachita apilo. Pa mikangano ya pantchito, ofesi ya zantchito ya paboma ndiyo imayamba kuyesa kuyanjanitsa wolemba ntchito ndi wantchito nkhani isadapite kubwalo loona za maubale a pantchito. Wolemba kalata yopempha mkhalapakati ayenera kudziwa kuti nkhani yake ikakanika idzagwera m'njira iti mwa zimenezi, ndipo aitchule ndi dzina m'chiganizo chomaliza cha kalata yake.